Kalata yaitali si ndiyo ulemu

"Ndikulembera bwana wina wa ku nthambi ya zankhalango kuno ku Zomba. Sandidziwa. Kodi ndisafotokoze mbiri yanga yonse kuti aone ulemu wanga?"

Ayi. Ambirife tinakula tikuganiza kuti wamkulu sumufikira ndi mawu ochepa. Pamaso n'zoona, koma imelo bwanayo amaiwerengera pafoni, mwina akudikira msonkhano. Akaona ndime zisanu zothera pa "mundithandize maganizo", amati ndiyankha mawa, ndipo mawalo silifika.

Vuto lalikulu ndi funso lotambalala, chifukwa limawapatsa ntchito yoganizira moyo wanu wonse. Afunseni chinthu chimodzi chomwe iwo anadutsamo, ndipo mayankho muwaikire pafupi:

"Wawa bwana, ndamaliza digiri ya sayansi ya zomera ku Chancellor. Ndinamva nkhani yanu ya mitengo ya paini ya m'phiri la Zomba. Ndimalakalaka kudzagwira ntchito yofufuza ngati yanu m'tsogolo. Kodi ndiyambe ndi digiri yachiwiri, kapena ndigwire kaye ntchito m'nkhalango chaka chimodzi? Mzere umodzi undikwanira. Zikomo kwambiri."

Apa angayankhe ataimirira. Ulemu uli mu "bwana" ndi "zikomo". Ntchito musapemphe m'kalata yoyambayi. Akakhala chete milungu iwiri, akumbutseni kamodzi kokha.