Mtedza wokazinga: geni yodikira wophunzira atuluke m'kalasi

Wophunzira wa ku yunivesite, kaya ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, sadziwa bwino kuti mawa apeza mpata nthawi yanji. Kalasi ya m'mawa imatha kusunthidwa kukhala yamadzulo, mayeso n'kubwera mwadzidzidzi. N'chifukwa chake mandasi ndi zitumbuwa zimagwetsa ambiri: zikagona, palibe amazifuna. Katundu woyenera ndi amene angakhale masiku angapo mwini wake ali m'kalasi, ndipo mtedza wokazinga ndi wotero.

Tiyerekeze kuti mwagula makilogalamu 5 pa K5,000 kilogalamu imodzi, ndiye K25,000. Makala, mchere, zolongedzera ndi thiransipoti zadya K5,000. Mpamba wonse ndi K30,000. Mukasankha ndi kukazinga, mtedza umapepuka, mwina n'kutsala makilogalamu 4.5. Awa ndi mapaketi 90 a magalamu 50. Pa K500 paketi imodzi mupeza K45,000, koma dziwani kuti mapaketi 60 oyambirira angobweza mpamba. Phindu lanu lili m'mapaketi 30 omalizirawo. Mitengo imasintha, ndipo imatsika mtedza ukangokololedwa, choncho ikanimo ya kumsika kwanu.

Ntchito yeniyeni ndi ya Loweruka limodzi. Yambani ndi kusankha: tayani mtedza wonyala, wofumbwa ndi wachuku. Chuku chimakhala ndi poizoni amene satha ndi moto, komanso njere imodzi yowawa imathamangitsa kasitomala. Wazani madzi amchere pang'ono, kenaka kazingani pang'onopang'ono pa mbaula ya moto wochepa, mukutakasa osaleka. Moto ukachuluka, kunja kumapserera m'kati muli mwauwisi. Mtedza wapsa khungu likamasupuka mukaufikisa ndi zala, m'kati mwafiirira.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pozizitsa. Mtedza wotentha ukatsekeredwa umachita thukuta, ndipo pofika mawa umakhala utafewa. Uyanikeni pa lichero mpaka uzizireretu, ndiyeno muulongedze n'kuusunga m'chigubu chotseka bwino. Kazingani wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri basi, chifukwa mafuta ake akakhalitsa amayamba kafungo. Funsaninso malamulo a ku hositelo. Ngati saloleza mbaula, kakazingireni kwa mnzanu wokhala kunja kwa sukulu.

Pogulitsa sipafunika benchi. Mapaketi 15 amakwana m'chikwama cha mabuku, ndipo amayenda bwino usiku, anthu akamawerenga.

Chimene chimapha geni imeneyi ndi “ndikupatsa mawa, aise”. Mapaketi 10 a ngongole ndi K5,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lonse. Wonena kuti alibe ndalama m'thumba atumize pa Airtel Money kapena TNM Mpamba asanatsegule paketi. Mapaketi amene mwadya nokha alembeninso m'kope ngati ngongole. Ndipo mukayandikira tchuthi, lekani kuoda kutatsala sabata ziwiri, chifukwa hositelo ikatsekedwa msika wanu watsekedwanso.