Wogula dengu lanu kunja saligwira, amangowerenga

Pa ntchito yanga yomasulira mawu ofotokoza katundu wa amisiri a zamanja, vuto lomwe ndimalipeza kawirikawiri si la galamala. Mawu amakhala olondola ndithu, koma amalembedwa ngati kuti wogula ali pomwepo, dengu lili m'manja mwake. Chonsecho iye ali kutsidya kwa nyanja, akungoona chithunzi pafoni.

Mayi wina woluka madengu analemba kuti: "Dengu lalikulu bwino, lolimba, loluka ndi manja, losungiramo zinthu." Womasulira woyamba anangotembenuza liwu ndi liwu, ndipo makalata omwe ankabwera anali a mafunso okhaokha, osati a maoda.

Nditaipatsidwa ntchitoyo, ndinayambira pa "lalikulu bwino". Kukula kwake kunali m'maso mwa mwiniwake yekha, choncho tinatenga tepi n'kuyeza: pakamwa masentimita 30, msinkhu masentimita 25. Ogula ake ambiri anali a ku America, kumene anthu anazolowera mainchi, ndiye tinalemba kuti pafupifupi mainchi 12 ndi mainchi 10, poti inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Akanakhala a ku Germany tikanasiya masentimita omwewo.

Mawu oti "losungiramo zinthu" ndiwo anandidyera nthawi. Zinthu zake ziti? Wogula amafuna alione dengulo m'nyumba mwake asanatulutse ndalama. Ndinafunsa munthu wokhala ku America kuti dengu lotere angaliike pati, ndipo anati pambali pa mpando, muli magazini, kapena kubafa, muli matawulo opindapinda. Tinalemba zomwezo. Tisanatero tinayesa kaye, ndipo matawulo ang'onoang'ono anayi analowamo bwinobwino. Ine sindilola kulemba chinthu chomwe sitinachiyese, chifukwa katundu akabwezedwa kuchokera kunja, mtengo wotumizira umadya phindu lonse, ndipo amene amalira ndi mmisiri.

"Loluka ndi manja" tinawonjezerapo kuti ndi la masamba a kanjedza oumitsa padzuwa, ndipo limodzi limamutengera mayiyo masiku atatu. Tinanenanso poyera kuti palibe madengu awiri ofanana ndendende, moti mtundu ndi kukula zingasiyane pang'ono ndi za pachithunzi. Mukabisa zimenezi, wogula amayesa kuti mwamutumizira cholakwika. Mukaneneratu, amaona kuti dengu lake ndi lakelake. Pomwe panali "lolimba" tinaikapo kasamalidwe: alipukute ndi kansalu kouma, asalinyike m'madzi chifukwa lingachite nkhungu.

Kuti mudziwe ngati mawu anu apsa, apatseni munthu amene anabadwira m'chiyankhulo cha ogula anu, koma chithunzi mumubisire. Akuuzeni kukula kwa chinthucho, zomwe anapangira, ndi ntchito yomwe angachigwiritse. Pamene wadodoma, m'pamene muyenera kulembanso. Mukayamba kugulitsa, sungani mafunso a ogula. Funso lomwe labwera kawiri, yankho lake lilowe m'mawu ofotokozawo.