Kugawana pakati ndalama za galimoto si chilungamo nthawi zonse

“Galimotoyi tinasonkherana mofanana, ndiye zonse tizingogawana pakati. Zolembazo n’za anthu osakhulupirirana.” Mawu amenewa ndatopa nawo kuwamva chaka ndi chaka.

Kusonkha mofanana kumangosonyeza kuti galimoto ndi ya onse awiri, koma kagwiritsidwe ntchito kamasiyana. Tiyerekeze kuti wophika buledi ndi wogulitsa mazira ali ndi pikapu imodzi. Pa mwezi wabuledi wayenda makilomita 900, wamazira 300. Mafuta akakhala a K400,000, kugawa pakati ndiye kuti wamazira alipira K200,000, pomwe gawo lake lenileni ndi K100,000.

N’chifukwa chake pangano lolemba limasiyanitsa ndalama. Inshulansi igawidwe mofanana, poti imalipiridwa ngakhale galimoto itangoima. Mafuta, oilo, matayala ndi sevisi zigawidwe potsata makilomita. Palembedwenso yemwe alipire zowonongeka ngati dalaivala wake walakwitsa, ndiponso mmene wina angagulire gawo la mnzake akafuna kutuluka. Nkhani yomalizayi ndi imene imadanitsa anthu kwambiri, makamaka mabuku a galimoto akakhala m’dzina la mmodzi yekha, chifukwa winayo amatsala opanda umboni woti nayenso ndi mwini.

Mungatsimikize nokha. Ikani kope m’galimotomo, aliyense azilemba nambala ya makilomita ponyamuka ndi pobwerera, ndipo mwezi ukatha muyerekeze ndi malisiti a mafuta. Onaninso dzina lolembedwa pa mabuku a galimoto ndi pa pepala la inshulansi. Musanachite zimenezi, chonde musauze anzanu kuti kugawana pakati n’kokwanira.