Wapeza 48 pamene okhoza amayambira pa 50: malikisi awiriwo akutiuza chiyani?

Zotsatira zikatuluka, amene amavutika mtima kwambiri si amene apeza 20. Iwo amadziwa pomwe zinalakwika. Amene sagona tulo ndi wophunzira amene wapeza 48 pamene malikisi okhozera ndi 50, ndipo mnzake amene ankawerenga naye limodzi wapeza 52. Makolo amafunsa ngati mwanayu alidi wolephera. Aphunzitsi ena amangoti amuwonjezere awiriwo, ena amati lamulo ndi lamulo. Ife amene ntchito yathu ndi kukonza ndi kuunika mayeso tili ndi nambala imene imathandiza pa nkhani imeneyi. M'mabuku imalembedwa ndi zilembo zitatu, SEM, ndipo imatiuza kuti mayeso amaphonya ndi malikisi angati akamayeza zomwe munthu akudziwa.

Mayeso sangafunse zonse zimene zaphunzitsidwa m'chaka. Okonza amasankha mafunso ochepa pakati pa mafunso ambirimbiri omwe akanatha kufunsa. Wophunzira yemweyo, ndi nzeru zomwezo, akapatsidwa pepala lina lovuta mofanana, sapeza 48 ndendende. Mwina apeza 51 chifukwa mitu imene amaimva bwino yabwera yambiri, mwina 45 chifukwa yabwera imene imamusokoneza. Tiyerekeze kuti walemba mapepala otere kambirimbiri popanda kuphunzira chatsopano kapena kutopa. Avereji ya malikisi ake onse ndi imene timaitcha malikisi ake enieni. Malikisi a tsiku limodzi amagwa pamwamba kapena pansi pa avereji imeneyo, ndipo SEM ndi mlingo wa kutalikira kwake. Zili ngati sikelo imene thumba limodzi la chimanga imalipatsa makilogalamu 49 pano, 51 mukaliikanso. Thumbalo silinasinthe, ndipo palibe amene waba.

Popeza sitingalembetse munthu mayeso kambirimbiri, nambalayi timaipeza kuchokera ku zotsatira za kalasi yonse:

```
SEM = SD × √(1 − r)
```

SD ndi mlingo wa mmene malikisi a ophunzira onse amwazikirana. Chilembo r chikuimira kudalirika kwa mayeso, nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Ikayandikira 1 ndiye kuti mayesowo atabwerezedwa angaike ophunzira pa mndandanda wofanana. Titenge mayeso a malikisi 100 amene SD yake ndi 10 ndipo r ndi 0.84, kudalirika kumene mphunzitsi aliyense angakondwere nako pa mayeso okonzedwa pasukulu. Kuchotsa 0.84 pa 1 kutsala 0.16, muzu wake, kutanthauza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 0.16, ndi 0.4, ndipo kuchulukitsa ndi 10 tikupeza 4. Mayeso abwino ndithu amenewa amaphonya ndi malikisi anayi.

Malikisi anayiwa tiwamve chonchi. Pa maulendo atatu alionse, pafupifupi awiri malikisi a munthu amagwa mosapitirira SEM imodzi kuchokera pa malikisi ake enieni, ndipo pa maulendo 100, pafupifupi 95 amagwa mosapitirira ma SEM awiri. Choncho kwa wophunzira wathu wa 48, malo omwe tingawakhulupirire ndithu kuti malikisi ake enieni alimo ayambira cha pa 40 mpaka 56. Mzere wa 50 uli m'kati mwa malo amenewa. Wa 52 uja malo ake ndi 44 mpaka 60, ndipo mzere ulinso m'kati. Pepala limodzili silingatsimikize kuti ndani mwa awiriwa akudziwa zambiri.

Tiyang'anenso kuchokera mbali ina, imene ineyo ndimaiona yomveka kwambiri. Munthu amene malikisi ake enieni ndi 50 ndendende amakhoza theka la maulendo, theka lina n'kulephera. Wa malikisi enieni 52, amene ayeneradi kukhoza, amagwa pansi pa mzere pafupifupi katatu pa maulendo khumi. Wa 46, amene sanafikepo, amadutsa pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi limodzi. Wa 58 amalephera kawiri kokha pa 100. Chiweruzo cha mayeso ndi cholimba kwa amene ali kutali ndi mzere, koma kwa amene ali pafupi mwayi umakhala ndi gawo lalikulu.

Apa ndi pomwe ambiri amathamangira kunena kuti wa 48 akhozetsedwe. Ndikumvetsa chisoni chimenechi, koma SEM sinena zimenezo. Kuphonya kumapita mbali zonse ziwiri. Wa 48 atha kukhala wa 52 amene tsikulo silinamukomere, komanso atha kukhala wa 44 amene mwayi unamugwera. Mukatsitsa mzere kufika pa 46, mwangosamutsa vuto, chifukwa wa 44 tsopano ndiye watsala ndi malikisi awiri. Chimene mwasintha ndi mtundu wa cholakwa chomwe mwavomera kuchita kawirikawiri: mulepheretsa oyenera ochepa, koma mudutsitsa osayenera ambiri. N'chifukwa chake masukulu ena a zachipatala amachita zosiyana, kukweza mzere ndi SEM imodzi, poona kuti kudutsitsa munthu wosakonzeka kugwira odwala n'koopsa kuposa kumuchedwetsa. Pa mayeso ongokwezera mwana kalasi, kuopsa kwake n'kosiyana, ndipo sukulu ingasankhe mwina. Chisankhochi ndi cha anthu, ndipo chiyenera kupangidwa mayeso asanalembedwe, osati titaona kale dzina la amene watsalira.

Chimene chimachepetsa chikayiko ndi umboni wowonjezera. Mayeso omwe aja atatalikitsidwa kawiri ndi mafunso abwino mofanana, SEM imatsika kuchoka pa 4 kufika cha pa 2.8 pa malikisi 100, ndipo kuti itsike kufika pa 2 pafunika mafunso ochuluka kanayi. Kutsika kwake n'kwapang'onopang'ono, ndipo sikufika pa 0. Ndiye chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti wophunzira amene wagwa mosapitirira SEM imodzi pansi pa mzere apatsidwe mayeso obwereza okhala ndi mafunso atsopano, kapena ziunikidwe ntchito zake za m'kati mwa teremu. Pamenepanso pafunika kusamala: munthu akaloledwa kubwereza kosalekeza n'kumangotenga malikisi apamwamba okha, wa 46 uja tsiku lina adzadutsa mwamwayi. Kuphatikiza zotsatira zonse n'kutenga avereji kumayandikira choonadi kuposa kusankha yapamwamba.

Nanga kupempha kuti pepala lichongedwenso? Kumathandiza pa gawo limodzi lokha. Ngati panali kulakwitsa powonkhetsa, tsamba linadumphidwa, kapena mayankho ndi a chimangirizo pomwe ochonga awiri amatha kusiyana maganizo, kuchonganso kungabweze malikisi awiriwo. Koma ngati mafunso anali osankha yankho, ochonga aliyense apeza 48 yemweyo, chifukwa kuphonya kunachitika posankha mafunso ndi pa tsiku lolemba, osati pochonga.

SEM nayo ili ndi malire. Nambala r kawirikawiri imawerengedwa kuchokera pa kulemba kumodzi, motero imaona kusiyana kobwera ndi mafunso koma siona kuti wophunzira analemba ali ndi malungo. Siona ngati pepala linafunsa zimene sizinaphunzitsidwe, pakuti cholakwa chotere chimakokera aliyense mbali imodzi ulendo uliwonse. Komanso kuphonya sikufanana pa malikisi onse, choncho nambala yofunika kwa wa 48 ndi SEM ya pafupi ndi mzere wokhozera. Kholo kapena wophunzira amene akupita kukaonana ndi akuluakulu a sukulu afunse nambala imeneyi, afunsenso lamulo lomwe sukuluyo inaika kwa ophunzira amene agwa pafupi ndi mzere.