Ndakatulo yanu siikukwana mu masekondi 45, lekani kuithamangitsa

Sabata ino ndalandiranso ina. Ndakatulo ya masamba awiri, pansi pake kauthenga koti "bwana tipangireni kavidiyo ka masekondi 45 ka pa TikTok koma musachotse mzere olo umodzi." Alakatuli anzanga, ndatopa nazo izi. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, "sindidzakuiwalaninso" ndi liwu limodzi koma kulitchula bwinobwino limadya masekondi awiri. Pa zomwe ndaona ine poedita, mu masekondi 45 mumalowa mawu 60 kapena 70 basi ngati mukufuna kupumako. Ndiye sankhani ndime imodzi kapena ziwiri zomwe zimakuwawani kwambiri, zinazo mukalakatule pa siteji.

Pali nkhani imodzi imandipwetekabe mpaka pano. Mayi wina analemba ndakatulo yokumbukira malemu mayi ake omwe ankakazinga mandasi, kuilakatula yonse inkatenga masekondi 70. Anakaipereka kwa kamnyamata kena ka pa tawuni, aja amati amadziwa chilichonse aja. Iye m'malo momuuza kuti achemwali tidule, anangokweza sipidi kufika 1.5x kenako kufufuta malo onse omwe mayiyo ankapuma. Inakwanadi. Koma mawu anatuluka ngati wolengeza malonda a mankhwala pa wailesi, ndipo pamene panali misozi panalibenso mpata. Pamwamba pake anaika templeti yosintha zithunzi motsatira ng'oma ya nyimbo, ndiye mayi akunena za imfa zithunzi zikudumphadumpha ngati pa chinkhoswe. Kwinako kunabwera chithunzi cha mzungu akulira pa windo, kaya anachitola kuti.

Mayi uja atabwera kwa ine tinayambira pa mawu, osati zithunzi. Tinadula mpaka kutsala mizere 9, anajambulanso mawu ali m'chipinda chogona, chitseko chotseka, foni chapafupi ndi pakamwa koma chapambali pang'ono kuti ma "p" asaphulike. Zinakwana masekondi 43 ndi kupuma komwe.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri mumaphonya. Biti ya vidiyo ya ndakatulo ndi mpweya wa wolakatula, si ng'oma ya nyimbo ayi. Mukaika mawu mu CapCut, pulogalamu yoeditira mavidiyo, yang'anani timafundefunde ta mawu tija, pamene taphwa pakhala phee ndi pomwe munthu akupuma, pamenepo ndiye posinthira chithunzi. Ndipo Chichewa chimatithandiza chokha, mvetserani mmene timakokera silabo yachiwiri kuchokera kumapeto mzere ukamatha, "mbaula yazi-i-ma". Kukoka kumeneko ndi belu loti mzere ukutha. Dikirani "ma" atuluke yense kenako dulani. Mukadula ali pakati pokoka, woonera amamva ngati wamenyetsa chala pamwala ngakhale sadziwa kuti chavuta nchiyani.

Mizere 9 ija tinaipatsa mashoti 8. Masekondi awiri oyamba palibe mutu, palibe dzina, palibe logo, ndi mafuta akuwira mu chiwaya mawu atayamba kale, chifukwa munthu chala chili chire kufuna kupita pa vidiyo ina. Kenako manja akukanda ufa, beseni, chitenje pa chingwe, mashoti a masekondi atatu kapena anayi. Titafika pa mzere woti "mbaula yazima, amayi, ndani adzandidzutse" tinaima pa mbaula ya phulusa lokhalokha masekondi 9 osasintha kanthu, nyimbo tinaichotseratu. Mayiyo amafuna tiikepo chithunzi cha manda ndinakana. Mawu akanena kale imfa, chithunzi chisabwerezenso, ndi chimodzimodzi aja amaika ka mtima kofiira paliponse ndakatulo yati "mtima". Shoti yomaliza tinabwerera ku chiwaya chomwe chija koma chovundikira.

Za 9:16 ndi 1080x1920, saizi ya vidiyo yoimirira, sindikambapo zambiri, mukudziwa. Chokhacho jambulani foni ili choimirira kuyambira pachiyambi. Vidiyo yogona ya 1920x1080 mukaidula kuti iime mumatsala ndi mapikiselo 608 okha m'lifupi, nkhope imatuluka ngati yaunga. Mawu olembedwa aikeni chapakati, mawu atatu kapena anayi pa nthawi, pansi pamakhala dzina lanu ndi kapishoni, kumanja kuli mabatani, zonsezo zimaphimba. Ndipo lembani nokha, musasiyire makina zilembo za Chichewa, mudzachita manyazi.

Mayi uja kwa ine anabwera mwambo wa chiliza utadutsa kale. Yothamanga ija ndi yomwe inazungulira pa gulupu ya banja pa WhatsApp, abale mpaka aku Joni anaonera imeneyo. Yabwinoyi anaiona anthu ochepa chabe. Ndiye ngati tsiku lanu lili Loweruka musandipeze Lachisanu usiku, ndipo editala aliyense yemwe walandira ndalama zanu asanakufunseni kuti mumulakatulire kaye amve pomwe mumapuma, mulandeni ndakatulo yanuyo.