Sitipochezi: Mafunso ndi Mayankho pa Zotchinga, Dzenje la Madzi ndi Kagawidwe ka Liwiro

Kodi sitipochezi si mpikisano wa mamita 3,000 womwewo, kungoti aikamo zodumpha?

Mtunda ndi womwewo, koma kathamangidwe kake n'kosiyana. Wothamanga amadumpha maulendo 35: zotchinga zouma 28 ndi dzenje la madzi kasanu n'kawiri. Akazungulira bwalo kamodzi amakhala atadumpha kasanu, ndipo madzi amabwera kachinayi. Chigawo choyambirira, kuchokera pomwe mfuti yalirira kufika poyambira kuzungulira koyamba kwathunthu, sichikhala ndi chotchinga chilichonse, kuti gulu liyambe latambasuka.

Pa mpikisano wopanda zodumpha, munthu akapeza kaponyedwe ka mwendo komuyenera amangokasunga mpaka kumapeto. Kuno ayi. Pakangotha mamita pafupifupi 80 aliwonse mayendedwe aja amaduka, n'kuyambiranso. Mu 2023 Lamecha Girma wa ku Ethiopia anathamanga mamita 3,000 opanda zodumpha, m'bwalo la m'nyumba, mu 7:23.81. Chaka chomwecho ku Paris anathamanga sitipochezi mu 7:52.11, n'kuphwanya mbiri ya dziko lonse. Kusiyana kwake ndi masekondi 28, kutanthauza kuti kudumpha kulikonse kunkamudyera nthawi yosakwana sekondi imodzi. Amene sanazolowere amataya zoposa pamenepo, ndipo zambiri mwa izo sazitayira m'mwamba ayi, amazitayira pansi, podidiza mapazi asanadumphe ndi podzandira atatera.

Zotchingazi zikusiyana bwanji ndi mahedo a mamita 400?

Msinkhu wake ndi wofanana ndi wa mahedo, zotchinga zimene amadumpha pa mpikisano umenewo: masentimita 91.4 kwa amuna ndi 76.2 kwa akazi. Kufanana kumathera pomwepo. Hedo ndi yopepuka, ukaigunda imagwa, ndipo aliyense amakhala ndi yake mu mzere wake. Chotchinga cha sitipochezi ndi mtanda wochindikala masentimita 12.7 mbali zonse, wautali pafupifupi mamita anayi, wolemera pakati pa makilogalamu 80 ndi 100. Ukachigunda, wogwa ndiwe.

China n'chakuti onse amadumpha chotchinga chimodzi. Wa mahedo amawerenga mapazi ake kuchokera pa hedo ina kufika pa inzake. Wa sitipochezi sangawerenge, chifukwa mtunda ndi wautali, liwiro limasinthasintha, ndipo kutsogolo kwake kuli misana ya anzake. Nthawi zina mtandawo amauona utatsala pang'ono, mnzake wa kutsogolo atanyamuka kale. N'chifukwa chake aphunzitsi amaumirira kuti munthu aphunzire kutsogoza mwendo uliwonse, wamanja kapena wamanzere. Wodalira mwendo umodzi amayamba kudidiza kuti aupeze, ndipo kudidizako kumapha liwiro pa nthawi imene likufunika kwambiri.

Pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Paris mu 2024, Girma yemweyo anakola chotchinga pozungulira komaliza, n'kugwa mwamphamvu mpaka kumunyamula pa machira.

Kodi n'kololedwa kuponda pamwamba pa chotchinga?

Inde. Malamulo amalola kuchidumpha osachikhudza, kuchiponda, ngakhale kugwirapo ndi manja. Chimene amaletsa ndi kuchilambalala, kapena kudutsitsa phazi kapena mwendo m'mbali mwake munsi mwa msinkhu wa mtanda. Pa madzi, munthu ayenera kudutsa pamwamba pake kapena m'kati mwake, osati kupondera pambali.

Akatswiri zotchinga zouma saziponda, chifukwa kuponda kumakweza thupi n'kuchedwetsa. Koma wongoyamba kumene, kapena amene miyendo yamulemera kumapeto, kuponda kumamuteteza. Ine ndingasankhe kuona mwana akuponda zotchinga zitatu zomaliza kusiyana n'kumuona akukokera bondo pa mtanda.

Nanga dzenje la madzi ndi lozama bwanji, ndipo amalidutsa motani?

Dzenjeli ndi lalitali mamita 3.66 kuphatikizapo chotchinga chake, ndipo m'lifupi ndi chimodzimodzi. Pafupi ndi chotchinga m'pamene pali pozama, masentimita 50 pa malamulo a masiku ano, ngakhale mabwalo akale ena ali ndi 70. Kuchokera apo pansi pake pamakwera pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi njira yothamangamo. Choncho wodumpha patali amatera pamadzi ochepa, pomwe wofika mofooka amagwera pozama n'kuchita kutulukamo ngati akuwoloka mtsinje.

Kadutsidwe kozolowereka kali motere. Kutatsala mapazi angapo, wothamanga amawonjezera liwiro. Izi zimavuta kuzikhulupirira munthu akatopa, chifukwa thupi limafuna kuchepetsa, koma wofika pang'onopang'ono alibe chomukankhira kutsidya. Kenako amanyamuka n'kuika phazi pamwamba pa mtanda, misomali ya nsapato n'kugwira m'mphepete mwake. Bondo la mwendo umenewo limakhala lopinda ndipo thupi limadutsa motsika. Chiuno chikangopitirira mtanda, mwendo uja umakankha kulozera kutsogolo, osati kumwamba. Amatera ndi phazi linalo chakumapeto kwa dzenje, ndipo phazi lotsatira limaponda pouma.

Zolakwika zake zimaoneka ngakhale uli patali. Amene waimirira njo pamwamba pa mtanda amagwa kuchokera m'mwamba kwambiri, bondo n'kupinda potera. Amene watera ndi mapazi onse awiri amaima kaye, ndiye ayenera kuyambiranso kuthamanga anzake akupita. Nsapato zonse ziwiri zikamatuluka zitanyowa ulendo uliwonse, dziwani kuti munthuyo akufika pa mtanda alibe liwiro.

Sikuti cholinga n'kupewa madzi. Kulumpha dzenje lonse kumadya mphamvu zambiri, ndipo kuchita zimenezo kasanu n'kawiri kumalipiritsa pomaliza. Alipo ena, makamaka akafika kumapeto, amene amadumpha osaponda mtanda n'komwe. Zimafulumiza zikayenda bwino, koma amatera pozamirapo ndiponso pamalo opendekeka, pomwe akakolo amabinya msanga.

N'chifukwa chiyani poyambira pamasiyana bwalo ndi bwalo?

Dzenje silingakumbidwe pakati pa njira imene mipikisano ina imagwiritsa ntchito, ndiye amaliika pokhota, m'kati kapena kunja kwa njirayo. Likakhala m'kati, kuzungulira kamodzi kumachepera mamita 400. Likakhala kunja, kumapitirira. Poti kuzungulira kodutsa pamadzi kuyenera kukhala kasanu n'kawiri, poyambira pamasunthidwa kuti mtunda ukwane 3,000.

Kupatuka kumeneku kumasokoneza ngakhale akatswiri. Pa mpikisano wa dziko lonse ku London mu 2017, Beatrice Chepkoech wa ku Kenya anapitirira osakhotera kudzenje, n'kuchita kubwerera kukadumpha. Anamaliza pa nambala 4. Chaka chotsatira ku Monaco anathamanga 8:44.32, n'kukhala mwini mbiri ya akazi.

Ndikufuna kuthamanga 8:45. Ndigawe bwanji nthawi?

Choyamba funsani kutalika kwa kuzungulira kamodzi pa bwalo limenelo, chifukwa masamu a mamita 400 akusocheretsani. Nthawi ya 8:45 ndi masekondi 525, kapena 2:55 pa kilomita, kapena masekondi 70 pa mamita 400.

Tiyerekeze kuti dzenje lili m'kati ndipo kuzungulira kamodzi ndi mamita 390. Kasanu n'kawiri ndi mamita 2,730, ndiye chigawo choyambirira chopanda zodumpha ndi mamita 270. Mukagawa mofanana, chigawocho n'cha masekondi 47, ndipo kuzungulira kulikonse n'kwa masekondi 68 ndi pang'ono. Mphunzitsi akamakufuulirani 70 pa bwalo lotereli, inu n'kumasangalala kuti zili bwino, mudzafika kumapeto mutachedwa ndi masekondi 12. Tsopano dzenje likhale kunja, kuzungulira kamodzi mamita 420. Chigawo choyambirira chimangokhala mamita 60, ndipo kuzungulira kulikonse n'kwa masekondi 73 ndi theka. Pamenepa wothamangitsa 70 akudziwotcha yekha, ndipo pofika kachisanu miyendo idzakhala itauma.

Msampha wina uli pa mamita 270 aja. Palibe chodumpha, miyendo ndi yatsopano, aliyense akulimbirana malo, ndiye n'kosavuta kufika pa mzere mu masekondi 44. Kutsogola ndi sekondi imodzi si vuto, popeza gawolo ndi losavutadi. Kutsogola ndi zitatu ndi ngongole imene mudzabweza pa madzi achisanu ndi chimodzi.

Dziwaninso kuti 70 ameneyu ndi wophatikiza zonse. Poti kudumpha kumadya nthawi, pakati pa zotchinga muyenera kuthamanga mofulumirirapo kuposa pamenepo. Ngati pa mamita 3,000 opanda zodumpha mumathamanga 8:40, musayembekezere 8:45 kuno. Girma, ndi luso lake lonse, anasiyanitsa ndi masekondi 28.

Kuyamba mothamanga kwambiri kumapweteka paliponse. Kuno chachilendo n'chiyani?

Pa mpikisano wopanda zodumpha, wotopa amangochepetsa liwiro n'kukafika ndithu. Mu sitipochezi chotchinga sichitsika chifukwa choti munthu watopa. Liwiro likachepa amanyamukira pafupi kwambiri ndi mtanda, zomwe zimamukakamiza kudumpha chokwera. Akadumpha chokwera amatera molemera, liwiro n'kucheperanso, ndipo chotchinga chotsatira chimamupeza ali wofookerapo. Pa madzi amayamba kugwera pozama. N'chifukwa chake nthawi za wolakwitsa kagawidwe sizitsika pang'onopang'ono: munthu amene ankazungulira mu masekondi 68 amatha kufika pa 75 mosayembekezereka.

Chizindikiro choyamba chimaoneka wotchi isananene kanthu. Mapazi amayamba kudidiza chotchinga chisanafike, ndipo mwendo wotsalira umayamba kukhudza mtanda.

Nanga ndi bwino kubisala m'gulu monga amachitira pa mamita 5,000?

Kubisala kumbuyo kwa anzako, cham'kati, kumasunga mphamvu pa mipikisano yopanda zodumpha. Kuno kuli ndi mtengo wake, chifukwa suona mtanda, ulibe malo osinthira phazi, ndipo wa kutsogolo akagwa nawenso wagwa. Odziwa amasunthira kunja pang'ono chotchinga chikamayandikira, kulolera kuwonjezera mtunda kuti aone bwino, kenako n'kubwerera m'kati. Pa madzi amasankhiratu mbali imene adzaterere.

Kuthamangira kumapeto nakonso n'kwina. Madzi omaliza amabwera kutatsala mamita pafupifupi 150, ndipo patsogolo pake pali chotchinga chimodzi mu njira yowongoka. Wotuluka bwino m'madzi amenewo amatha kusiya mnzake ndi mamita awiri kapena atatu osawonjezera mphamvu. Koma chotchinga chomalizacho amachidumpha pa liwiro limene sanalikhudze mu mpikisano wonse, miyendo itatheratu. Evan Jager wa ku America anali patsogolo ku Paris mu 2015, akuoneka kuti atsika pansi pa mphindi zisanu ndi zitatu, pamene phazi linakola chotchinga chomaliza. Anagwa, anadzuka, n'kumaliza wachiwiri mu 8:00.45.