Yambani ndi mawu, zithunzi zibwere pambuyo

Anthu ambiri akafuna kavidiyo ka zithunzi koonetsa pa pulojekita ku ukwati amayamba ndi kuthira zithunzi zonse mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, mawu n'kumadzawakakamiza kumapeto. Apa mpamene zimasokonekera, wofotokoza akunena za sukulu ya mkwati koma pa sikirini pali agogo ali kumunda.

Ine ndimajambula mawu kaye, m'chipinda chotseka, makamaka usiku ma minibasi a ku Kawale atasiya kuimba mahutala. Tinene kuti mawuwo atenga mphindi 2, ndiye masekondi 120. Chithunzi chimodzi chimafuna masekondi pafupifupi 5 kuti munthu achione bwino, kutanthauza zithunzi 24 basi, ngakhale abanja abweretse 80 n'kumati zonse zilowe. Komanso 5 ameneyu si lamulo ayi, chithunzi cha gulu lonse la pachinkhoswe chipatseni 7 poti aliyense akufunafuna nkhope yake, cha keke 3 akwana. Muzisintha chithunzi pamene wolankhula wapuma, osati pakati pa chiganizo.

Tsono kuyendetsa chithunzi. Ikani Keyframe, kachizindikiro kosunga kukula ndi malo a chithunzi pa nthawi imeneyo, poyambira pa chithunzicho Scale, ndiye kukula kwake, ili pa 100%, ina kumapeto Scale ili pa 110%, ndipo Position muikankhe pang'ono kuti zumuyo ithere pankhope ya amene akutchulidwa. Zomafika 150% m'masekondi 5 zimachititsa chizungulire anthu okhala kutsogolo. Mukafuna kuti chiziyenda cham'mbali, monga pa mzere wa operekeza akwati, chikulitseni kaye kufika 120% pa ma Keyframe onse awiri kenako musinthe Position yokha, apo ayi m'mphepete mutulukira mdima poti chithunzi chatha.

Vuto lina limachokera ku WhatsApp. Vidiyo yanu ndi ya 1920 x 1080, koma chithunzi chotumizidwa mwawamba chimafika chitachepetsedwa kale, ndiye mukachikulitsanso nkhope imaphwanyika kukhala timabokosi. Pa foni simungaone, zimadzaonekera pakhoma muholo anthu atadzaza kale. Auzeni atumize ngati Document. Chikakhala chakale chomwe palibenso china, chisiyeni chingoima osachiyendetsa.

Podumpha kuchoka pa chithunzi china kupita pa china, Cross Dissolve, yomwe imasungunula chithunzi china kulowa m'chinzake, ya sekondi imodzi kapena theka ndi yokwanira, zija zotembenuza ngati tsamba ndi zophulika nyenyezi ine sindizigwira n'komwe. Koma chenjerani, m'mapulogalamu ena kusungunukaku kumalowetsa zithunzi ziwiri pamodzi, ndiye pa zithunzi 24 pali malo 23 olumikizira, paliponse pakakhala sekondi imodzi vidiyo ikhoza kufupika ndi masekondi 23 osadziwa. Mumazindikira pamene zithunzi zatha wofotokoza akadalankhula pa sikirini yakuda. Ikani kaye zolumikizirazo, kenako mutalikitse chithunzi chilichonse mukumvetsera mawu kuchokera poyamba.